Kalata yopempha malo ophunzirira ntchito kwa maodita: mwatumiza koma kuli zii

Muli m'chaka chomaliza cha maphunziro a zowerengera ndalama. Mwatumiza makalata asanu kapena kuposerapo ku makampani a maodita, kupempha malo oti mukaphunzirire ntchito, koma mpaka lero kuli zii. Ntchito yolipidwa simunagwirepo. Chomwe muli nacho n'choti munakhalapo msungichuma wa bungwe la ophunzira, kapena munkathandiza kulemba mabuku ku bungwe lina lachifundo popanda malipiro. Ndiye mwayamba kuganiza kuti chikukugwetsani n'chimenechi.

Makalata otere ndawerengapo ambiri, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti eni ake nthawi zambiri amakhala atagwira ntchito yeniyeni, koma m'kalatamo ntchitoyo sioneka. Kampani imene ikufuna ophunzira ntchito ikudziwa kale kuti ofunsira ake akadali pasukulu. Sikuyembekezera zaka zambiri za ntchito. Wowerenga kalatayo akufuna kudziwa ngati angakupatseni mulu wa mainvoyisi ndi mndandanda wa malipiro n'kukusiyani muzifananitse, osabisa chimene sichikugwirizana.

Musanang'ambe kalata yonse, yambani mwaona ngati vuto lili m'kalatamo. Kodi munatumiza tsiku lotsekera lisanadutse? Kodi zonse zimene anapempha, monga sivi ndi pepala la zotsatira za mayeso, munaphatikiza? Kodi malowo ndi a ophunzira kapena a anthu omaliza kale? Ngati chimodzi mwa izi chinaphonyeka, kalata yanu mwina sinawerengedwe n'komwe. Ngati zonse zinali m'malo, tengani kalatayo ndi cholembera, tione pamene pakuthina.

Kalata yayamba ndi kupepesa

Werengani ziganizo ziwiri zoyambirira. Mukapezamo mawu akuti "ngakhale kuti sindinagwirepo ntchito" kapena "ndikudziwa kuti ndilibe luso lokwanira", vuto loyamba ndi limenelo. Mwayesa kudzichepetsa, zomwe si zoipa, koma chinthu choyamba chimene wowerenga wamva za inu ndi chimene mulibe. Chotsani mawuwo, musaikepo ena ofanana nawo. Ndime yoyamba ingonena malo amene mukufunsira, kumene munaona chilengezo, maphunziro amene mukuchita, nthawi imene mumaliza, ndi masiku amene mungapezeke. Basi.

Mawu oti "chabe" ndi "ndinkangothandiza" nawonso achoke paliponse pamene ali. Kuti ntchitoyo inali yongodzipereka munene kamodzi, poyera, chifukwa ndi zoona ndipo palibe chochititsa manyazi.

Mwadzitama koma umboni palibe

Vuto lalikulu ndi ili, ndipo ndikhalapo nthawi. Lembani mzere pansi pa mawu onse ofotokoza khalidwe lanu: wolimbikira, wokhulupirika, wosamala, wodziwa kugwira ntchito ndi anzanga, wophunzira msanga. Kenako pa mawu alionse dzifunseni kuti, m'kalata muno muli chiyani chotsimikizira zimenezi? Ngati palibe, mawuwo ndi opanda ntchito. Wofunsira aliyense amawalemba, ngakhale amene sanagwirepo lisiti.

Kumbukirani amene akuwerenga. Odita tsiku lililonse amauzidwa ndi eni mabuku kuti zonse zili bwino, ndipo ntchito yake ndi kufunsa kuti pepala lake lili kuti. Mwina munaphunzira kale m'kalasi muyezo wa ISA 500, umene umati odita apeze umboni wokwanira komanso woyenera, ndipo umboni wolembedwa kapena wochokera kwa munthu wapadera umadalirika kuposa mawu apakamwa a mwini nkhani. Munthu wozolowera kuganiza chonchi sasiya chizolowezicho akamawerenga kalata yanu. Mukati ndinu wosamala, iye amayang'ana chimene munasamala.

Ndikupatseni chitsanzo cha mtsikana wina amene anandionetsa kalata yake. Anali msungichuma wa bungwe la ophunzira, ndipo za ntchito yonseyo analemba chiganizo chimodzi: "Ndinakhalapo msungichuma wa bungwe lathu, kumene ndinaphunzira kusamala ndalama komanso kugwira ntchito ndi anthu osiyanasiyana." Nditamufunsa zimene ankachita mwezi uliwonse, anatulutsa m'chikwama buku lachikuto cholimba, lokhala ndi malisiti omatidwa tsamba ndi tsamba, lililonse lili ndi nambala yolembedwa ndi cholembera chofiira pakona. Bungwelo linali ndi mamembala 86. Iye ankalandira zopereka, kulemba lisiti, kukaika ndalama ku banki, ndipo kumapeto kwa mwezi ankafananitsa buku lake ndi sitetimenti ya ku banki. Anachita zimenezi kwa miyezi 14, koma m'kalata munalibe ngakhale chimodzi.

Ndinamufunsanso ngati panali mwezi umene manambala anakana kugwirizana. Unalipo. Buku lake linkaonetsa 61,300 pamene sitetimenti inkaonetsa 61,950, kusiyana kwa 650. Atatsatira sitetimenti mzere ndi mzere anapeza kuti banki inadula 250 ya ntchito zake, zimene iye anali asanalembe. Atalemba, buku linatsika kufika pa 61,050, ndipo kusiyana kunakwera kufika pa 900. Apa wina akanataya mtima poona kuti wakonza koma mpata wakula. Iye anakumbukira kuti kusiyana kukamagawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri pena pake manambala awiri oyandikana asinthana malo. Anabwerera ku timapepala toikira ndalama ku banki n'kupeza kuti 5,400 anailemba m'buku ngati 4,500. Anakonza, analemba pambali chifukwa chake, ndipo wapampando anasainira. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu.

Pambuyo pake anapempha komiti kuti munthu wachiwiri aziwerenga ndalama ndi kusainira asanapite nazo ku banki, poti anaona kuti si bwino munthu mmodzi yemweyo azilandira, kulemba ndi kukaika yekha. M'kalasi zimenezi amazitcha kugawa maudindo, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zoyambirira zimene maodita amayang'ana akafika pakampani. Iye anazichita asanaganize n'komwe kuti n'zoyenera kulemba m'kalata.

Ndime yake yatsopano inatuluka chonchi:

"Kwa miyezi 14 ndinali msungichuma wodzipereka wa bungwe la ophunzira la mamembala 86. Ndinkalemba buku la ndalama zolowa ndi zotuluka, kusunga malisiti motsatira manambala, ndi kufananitsa bukulo ndi sitetimenti ya ku banki mwezi uliwonse. Mwezi wina nditapeza kusiyana, ndinatsatira mpaka kupeza zolakwika ziwiri: ndalama zodulidwa ndi banki zimene zinali zisanalembedwe, ndi nambala imene ndinaitembenuza polemba. Ndinakonza, ndinalemba chifukwa chake, ndipo wapampando anatsimikizira. Kenako ndinapempha komiti kuti munthu wachiwiri aziwerenga ndalama zisanapite ku banki, ndipo dongosololi likugwirabe ntchito."

Taonani kuti mawu oti "wosamala" mulibe, koma wowerenga afika yekha pamenepo. Taonaninso kuti sanabise kuti nambala yotembenuzayo inali yake. Poyamba ankafuna kuchotsa mawu amenewo poopa kuoneka wosalongosoka. Ine ndinaumirira kuti akhale. Wophunzira ntchito aliyense adzalakwitsa, ndipo amene amaopsa pagulu la maodita ndi amene akalakwitsa amakwirira.

Kuti inunso mufukule zanu, khalani pansi muyankhe polemba. Munagwira nthawi yaitali bwanji? Zinthu zinali zochuluka bwanji, kaya anthu, malisiti kapena katundu? N'chiyani chimene munkachita mobwerezabwereza? Ndi liti pamene china chake chinakana, ndipo munatani? Ndani anaona ntchitoyo amene angavomereze atafunsidwa? Mayankho angadzaze tsamba lonse, koma m'kalata mulowe nkhani imodzi yokha, imene ili ndi chiyambi ndi mapeto. Nkhani imodzi yolongosoka imaposa mndandanda wa mabungwe asanu amene munangolembetsako dzina.

Nanga ngati ntchito yanu yodzipereka sinakhudze ndalama? Musaitaye msanga. Ngati munkagawa katundu, munawerenga zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zotsala, ndipo kuwerenga katundu m'nyumba yosungiramo ndi ntchito imene ophunzira ntchito kwa maodita amatumidwa kukaonerera kumapeto kwa chaka chachuma. Ngati munkasunga kaundula wa anthu, munafananitsa mayina ndi masaini. Lembani chimene munawerenga, chimene munachifananitsa nacho, ndi chimene munachita zitasiyana. Ngati ngakhale zimenezi palibe, tengani ntchito ya m'kalasi imene munaichita mozama, ndipo munene poyera kuti inali ya m'kalasi.

Mwakulitsa zinthu

Ena akamva kuti asadzichepetse amalumphira mbali inayo. Chizindikiro chake ndi mawu akuti "ndinachita oditi ya mabuku a bungwe lathu". Ngati munali msungichuma, simunachite oditi. Munthu sangakhale odita wa mabuku amene walemba yekha, chifukwa maziko a ntchitoyi ndi kuima padera, osakhala mbali ya zimene ukufufuza. Wowerenga akaona mawu amenewo amazindikira kuti phunziro loyambirira lenileni silinakuloweni. Nenani chimene munachita ndi dzina lake: ndinalemba, ndinafananitsa, ndinawerenga, ndinapereka lipoti ku komiti. Ngakhale mutakhala kuti komiti inakusankhani kuti muunike mabuku a msungichuma wina, ndi bwino kunena kuti "ndinaunika" n'kufotokoza zimene munayang'ana.

N'chimodzimodzinso ndi Excel. Mukalemba kuti mumaidziwa kwambiri, yembekezerani kuti akuyesani. Ndi bwino kutchula chimene mumachitadi, mwachitsanzo kuti munkagwiritsa ntchito SUMIF pophatikiza zopereka za membala aliyense. Njira yoyesera chiganizo chilichonse ndi yosavuta: kodi atakufunsani mafunso atatu otsatizana pa chiganizocho, mungayankhe osachita chibwibwi? Ngati ayi, chichepetseni mpaka chifike pamene mungaimepo.

Pali kukulitsa kwina kumene anthu sakuona, komwe ndi kuulula za eni ake. Mwaona kuti m'ndime ya mtsikana uja mulibe 61,300 kapena 61,950. Manambalawo ndi a bungwe, ndipo kusunga chinsinsi cha mabuku a anthu ndi lamulo la ntchito imene mukufunsirayo. Chiwerengero cha mamembala ndi miyezi n'zokwanira. Ngati kumene munkathandiza kunasowa ndalama chifukwa cha munthu wina, musatchule dzina lake kapena udindo wake, ndipo musayese kudzikweza pomunyoza. Wowerenga adzaganiza kuti mawa mudzachita zomwezo ndi zinsinsi za makasitomala awo.

Kalata ingapite kulikonse

Bisani dzina la kampani ndi chala, muwerenge kalatayo. Ngati ingatumizidwe ku banki, ku kampani ya inshuwalansi kapena ku ofesi iliyonse ya zachuma osasintha liwu, ndiye kuti simunalembere maodita. Ambiri amalemba kuti "ndikufuna malo mu oditi, misonkho kapena dipatimenti ina iliyonse", poganiza kuti akutsegula makomo ambiri. Mapanga awiri avumbwitsa. Ngati chilengezo chili cha oditi, kalata ikhale ya oditi.

Mankhwala ake si kutamanda kampaniyo. Kuti ndi yotchuka akudziwa kale. Onetsani kuti mukudziwa ntchito imene wophunzira amapatsidwa: kutenga zitsanzo za malipiro n'kuzitsatira mpaka ku mainvoyisi ndi mavocha, kuphatikizanso manambala a m'mindandanda, kuthandiza kutsatira makalata otsimikizira ochokera ku banki ndi kwa okhala ndi ngongole, ndi kulemba zonsezo m'mapepala a ntchito. Muyezo wa ISA 230 umafuna kuti mapepalawo alembedwe moti odita wina wodziwa ntchito, amene sanakhalepo pa oditi imeneyo, athe kumvetsa zimene zinachitika. Chiganizo chimodzi cholumikiza zimenezi ndi zanu n'chokwanira. Mtsikana uja analemba kuti: "Ndikudziwa kuti gawo lalikulu la ntchito ya wophunzira ndi kutsatira malipiro mpaka ku mapepala ake ndi kulemba zimene wapeza moti wina athe kuzitsatira, ndipo ndi ntchito yotere imene ndinaikonda pa miyezi 14 ija." Simufunikira kutchula manambala a miyezo m'kalatamo. Ngati pali chinthu chenicheni chokhudza kampaniyo chimene mukuchidziwa, monga mtundu wa mabungwe amene imawafufuza kwambiri kapena thandizo limene imapereka kwa olemba mayeso a ukatswiri, chitchuleni, koma pokhapokha mutachiwerenga nokha pa zimene kampaniyo inalengeza.

Masiku amene mungapezeke musawaiwale. Ntchito ya maodita imathina m'miyezi yotsatira kutha kwa chaka chachuma cha makasitomala awo, ndipo wokonza magulu amafuna kudziwa kuti muyamba liti, mukhala masabata angati, komanso ngati mayeso anu agwera pakati. Mawu oti "ndingayambe nthawi ina iliyonse" kwa munthu amene akadali m'kalasi amangobweretsa funso lina. Lembani tsiku.

Kalata ndi sivi zikutsutsana

Ili ndi vuto laling'ono lomwe limapha makalata abwino. Mtsikana uja titamaliza kukonza ndime yake, ndinaika kalata ndi sivi pambali n'pambali. Kalata inkati miyezi 14. Sivi inkati anayamba Meyi n'kumaliza Epulo chaka chotsatira, yomwe ndi miyezi 12. Zoona zake anayamba Malichi, ndipo tinatsimikizira poyang'ana lisiti loyamba m'buku lija. Kwa olemba ntchito ena zimenezi zikanadutsa. Koma odita amafananitsa pepala ndi pepala mosaganizira n'komwe, ndipo akapeza kusiyana pamodzi amayamba kukayikira manambala enawo.

Choncho chitani kalata yanu ngati pepala la ntchito. Tengani cholembera, ndipo nambala iliyonse, tsiku lililonse ndi dzina lililonse muchonge mukalipeza pa sivi, pa pepala la zotsatira za mayeso kapena pa chilengezo. Dzina la kampani likhale monga amalilembera eni ake. Ngati munakopera kalata ya kampani ina n'kusintha, fufuzani dzina lakale m'kalata yonse, chifukwa limakonda kubisala m'ndime yomaliza. Kalata ikwane tsamba limodzi, ndime zinayi, isungidwe ngati PDF kuti isasokonekere potsegula, ndipo dzina la failo likhale dzina lanu ndi mawu osonyeza kuti ndi kalata yofunsira. Zitsanzo zili pano ndi za m'Chichewa, koma kalatayo mudzailemba m'chinenero cha chilengezo.

Za magiredi ndinene mwachidule. Ngati munakhoza bwino phunziro la oditi kapena la malipoti a zachuma, tchulani m'chiganizo chimodzi. Ngati pali phunziro limene munabwereza, musalifotokoze m'kalata. Lili kale pa pepala la zotsatira, ndipo akafuna adzafunsa maso ndi maso.

Mboni sikudziwa kuti ndi mboni

Ntchito yodzipereka ilibe kalata yolembera ntchito kapena pepala la malipiro, choncho umboni wake wonse uli mwa munthu amene anakuonani mukuigwira. Ambiri amalemba dzina la wapampando kapena la mphunzitsi woyang'anira bungwe osamuuza. Foni ikalira kuchokera kukampani, munthuyo amayankha kuti akukumbukira nkhope koma za mabuku sakudziwa, ndipo ndime yanu yabwino ija imatsala yopanda mwendo.

Musanatumize, muimbireni kapena mukamuone. Mupempheni chilolezo, kenako muwerengereni ndime imene ikunena za ntchitoyo liwu ndi liwu, mumufunse ngati pali chimene sangachivomereze. Mtsikana uja atatero, wapampando wake anamukumbutsa kuti dongosolo la munthu wachiwiri lija linavomerezedwa pamsonkhano wa komiti ndipo linalembedwa m'maminitsi. Anajambula tsamba limenelo n'kulisunga pamodzi ndi tsamba la kufananitsa kwa mwezi wovuta uja, atabisa manambala a akaunti ndi mayina a mamembala, kuti adzapite nazo ngati angadzaitanidwe kukafunsidwa mafunso.